Sheya ya K200: kodi mtengo wake ndi woyenera?

Munthu akagula sheya pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, chimene wagula kwenikweni ndi ndalama zimene kampani idzampatsa m'tsogolo pogawa phindu, zija amati dividendi. John Burr Williams analemba mfundo imeneyi mu 1938, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Myron Gordon anaifupikitsa kukhala kasamu aka:

P = D1 / (r − g)

P ndi mtengo woyenera wa sheya, D1 ndi dividendi ya chaka chamawa, r ndi phindu limene wogula akufuna pa chaka, ndipo g ndi mmene dividendi ikukulira chaka chilichonse. Vuto lake n'lakuti samuyi imayesa ngati kampani idzakula mofanana mpaka kalekale. Kampani imene ikutsegula nthambi m'maboma ambiri ikhoza kukweza dividendi kwambiri kwa zaka zingapo, koma msika ukadzaza, opikisana nayo akachuluka, liwiro limatsika. N'chifukwa chake odziwa za masheya amagawa tsogolo pawiri: zaka zothamanga, kenako zaka zoyenda pang'onopang'ono.

Tiyerekeze kampani imene yangopereka dividendi ya K10 pa sheya iliyonse. Tikuyembekeza kuti idzakula ndi 30 peresenti kwa zaka zitatu, kenako 10 peresenti chaka ndi chaka. Ife tikufuna phindu la 20 peresenti. Mukaika 30 peresentiyo mu samu ya Gordon, yankho limatuluka lochepera ziro, chizindikiro choti samuyo siigwira pamene g yaposa r.

Gawo loyamba timawerengera chaka chilichonse pachokha. Dividendi idzakhala K13, kenako K16.90, kenako K21.97. Koma ndalama ya m'tsogolo siilingana ndi ya m'manja lero, choncho timaitsitsa. Ya chaka choyamba tigawa ndi 1.2, ya chachiwiri ndi 1.44, ya chachitatu ndi 1.728. Tikaphatikiza zotsatira zake tipeza pafupifupi K35.

Gawo lachiwiri ndi pamene samu ya Gordon imagwira ntchito, popeza tsopano kampani yakhazikika. Dividendi ya chaka chachinayi ndi K21.97 kuwonjezapo 10 peresenti, yomwe ndi K24.17. Tikaigawa ndi 0.10, kusiyana kwa 20 ndi 10 peresenti, tipeza pafupifupi K242. Uwu ndi mtengo wa sheya kumapeto kwa chaka chachitatu, osati lero, ndiye tiugawanso ndi 1.728 kuti tipeze K140. Apa ambiri amaphonya: poona kuti agwiritsa ntchito dividendi ya chaka chachinayi, amatsitsa mtengowo ndi zaka zinayi, n'kutaya K23 pachabe.

K35 ndi K140 zikwana K175. Ngati pa msika sheyayi ikugulitsidwa K200, ndiye kuti yadula malinga ndi zimene tayembekeza.

Tsopano taonani bwino manambala awiriwo. Zaka zitatu zothamanga zija, zimene anthu amakambirana kwambiri akamva kuti kampani yapanga phindu lochuluka, zapereka K35 yokha. Pa K5 iliyonse ya mtengo, K4 yachokera ku zaka zakutali zimene palibe angazione. Kwa ine, apa ndi pamene wogula ayenera kuthera nthawi yake. Mukangokweza kukula kwa gawo lachiwiri kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti, mtengo ukwera kufika K213, ndipo sheya imene timati yadula iwoneka yotchipa. Mukaika 15 peresenti, ufika pafupifupi K328. Kampani sinasinthe, chasintha ndi chiyembekezo cha wowerengera.

Malire ake alipo. Kampani siingakule kuposa chuma cha dziko lonse kwamuyaya, kotero g ya gawo lachiwiri isapitirire kukula kwa chuma kuphatikiza kukwera kwa mitengo ya zinthu kwa nthawi yaitali. Nayonso r siyosankha mwachisawawa. Iyenera kuposa chiwongoladzanja chimene boma limapereka likabwereka ndalama, chifukwa sheya ili ndi chiopsezo chachikulu kuposa ngongole ya boma. Ku Malawi chiwongoladzanja chimenecho chadutsapo 20 peresenti m'zaka zina zaposachedwapa. Pa chitsanzo chathu, r ikakhala 28 peresenti, zina zonse osasintha, sheya ija itsika kufika K95.

Njirayi imayenera makampani amene amagawa dividendi mosadumphitsa, monga mabanki okhazikika. Kwa kampani imene siigawa kanthu, kapena imene ikugawa ndalama zoposa phindu lake, yankho lake musalidalire. Wina akakuuzani kuti sheya inayake ndi yotchipa, mufunseni kaye kuti waika g yanji pa gawo lachiwiri, ndipo r wayitenga kuti.