Chithunzi cha sikirini chikatuluka chakuda pa Linux

Munthu waika Ubuntu 22.04 pa laputopu yake ndipo akufuna kujambula zimene zikuoneka pa sikirini kuti atumizire mnzake womuthandiza. Watsegula teminolo, walemba lamulo limene wakhala akuligwiritsa ntchito zaka zambiri:

```
scrot -d 5 menyu.png
```

Lamuloli limadikira masekondi 5 kenako n'kujambula sikirini yonse. Fayilo yapangikadi, popanda uthenga wa vuto lililonse. Koma poitsegula, chithunzi chonse n'chakuda bii.

Kompyutayo siinaonongeke ayi. Pa Linux pali njira ziwiri zoonetsera mawindo pa sikirini. Yakale ndi X11, ya m'chaka cha 1987, imene imalola pulogalamu iliyonse kuona zonse zimene mapulogalamu ena akuonetsa. `scrot` anapangidwira njira imeneyo. Yatsopano ndi Wayland, yomwe Fedora anayamba kuitsegula mwachizolowezi mu 2016 ndipo Ubuntu anakhazikikapo mu 2021. Pa Wayland pulogalamu imangoona windo lake lokha, ndipo opanga Wayland anachita dala kuti pulogalamu yachinyengo isamajambule mobisa pamene mukuona za akaunti yanu ya kubanki. Choncho `scrot` akayang'ana sapeza kanthu, n'kujambula mdimawo.

Musanalimbane ndi china chilichonse, funsani kompyuta njira imene ikugwiritsa ntchito:

```
echo $XDG_SESSION_TYPE
```

Ikayankha `x11`, `scrot` agwira ntchito bwinobwino. Ikayankha `wayland`, m'siyeni, mugwiritse ntchito chida cha desikitopu yanuyo.

Pa Ubuntu desikitopuyo ndi GNOME, ndipo kuyambira pa GNOME 42 ya mu 2022 chojambulira chili momwemo kale. Mukadina `Print Screen` sikirini imaima, pansi n'kutuluka kabokosi kosankhira gawo, windo limodzi kapena sikirini yonse. Ngati simukufuna kufunsidwa, `Shift` pamodzi ndi `Print Screen` amajambula sikirini yonse nthawi yomweyo, pamene `Alt` ndi `Print Screen` amajambula windo limene mukugwiriramo ntchito. Zithunzi zimapita mu foda ya `Pictures/Screenshots`, komanso zimakhala zitakopedwa kale moti mungangomata mu imelo. Kwa anthu ambiri, kunena zoona, teminolo n'njosafunika pa ntchito imeneyi.

Imafunika mukafuna kanthawi kokonza zimene mukufuna kuti zioneke. Pa Ubuntu 22.04 muyenera kuika kaye `gnome-screenshot`, kenako:

```
gnome-screenshot -d 5 -f menyu.png
```

A KDE Plasma ali ndi Spectacle, koma asamale: iye amawerenga nthawi yodikira m'mamilisekondi, ndiye masekondi 5 amalembedwa `-d 5000`. Ena angakuuzeni kuti pa Wayland muike `grim`. Ameneyo ndi wa Sway ndi anzake, pa GNOME sajambula, choncho musaononge bandulo pomutsitsa.