Kodi Mumadziwa? Kumera kwa Mano Sikutsegulitsa M'mimba

Ana ambiri amayamba kumera mano akakwanitsa miyezi pafupifupi 6, ndipo nthawi zambiri amayambira awiri akutsogolo am'munsi. Mwana amatuluka dovu kwambiri, amaluma chilichonse, amavuta kugona, ndipo nkhama zimatupa pang'ono. Thupi likhoza kufunda, koma osafika madigiri 38.

Apa m'pamene makolo ambiri amasokonezeka. Mwana wa miyezi 7 akatsegula m'mimba katatu pa tsiku, thupi n'kutentha, anthu amati, "Ndi mano amenewo." Ayi ndithu. Pa msinkhu umenewu chitetezo chimene anabadwa nacho chimakhala chikuchepa, komanso amaika m'kamwa chilichonse chimene watola. Akhoza kukhala malungo kapena matenda a m'mimba. Pitirizani kumuyamwitsa, mumpatse Thanzi ORS ngati akutsegula, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati ndi mano okha, sambani m'manja ndi sopo, kenako sisitani nkhama zake ndi chala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira owiritsa kamathandizanso akamakaluma. Panado wa ana aperekedwe pa mlingo umene achipatala anena.

Asipulini musampatse, chifukwa angawononge chiwindi ndi ubongo. Uchi ndi woopsa kwa mwana wosakwana chaka. Mowa, mankhwala ochititsa dzanzi opaka m'nkhama, ndi mikanda ya m'khosi imene ingamukole, zonsezi zipeweni. Ndipo chonde, musalole aliyense kutema kapena kuboola nkhama za mwana wanu.