Wogula walipira kamodzi, ogulitsa ali atatu: ndalama imagawidwa bwanji?

Achemwali anga amasoka madiresi a chitenje ku Kawale. Chaka chatha anayamba kugulitsanso pa msika wina wa pa intaneti, uja wakuti ogulitsa ambiri amaika katundu wawo pa apu imodzi. Tsiku lina m'mawa anandiimbira mawu atakwera.

"Iwe, wapita kusukulu iwe, tandiuza. Diresi ndagulitsa K30,000. Anati komishoni ndi 10 peresenti. Ndiye ilowe K26,100? K900 yanga yapita kuti?"

Ndinawauza kuti anditumizire chithunzi cha sitetimenti yawo. Titaunika mzere ndi mzere, tinapeza kuti palibe anaba. Ndalamayo inachoka motsatira lamulo lomwe iwo anavomera podina batani osawerenga, monga timachitira tonsefe.

Wogulayo sanagule diresi yokha. Mudengu lake munali diresi ya K30,000, nsapato za K20,000 za wogulitsa wina, ndi uchi wa K6,000 wa wogulitsa wachitatu. Kuphatikiza K4,000 ya wanjinga yamoto wokapereka katundu, zonse zinakwana K60,000. Analowetsa pini yake kamodzi basi, ndalama n'kuchoka mufoni.

Ambirife timaganiza kuti nthawi yomweyo ndalama imadukaduka ngati nzimbe, aliyense n'kulandira mfundo yake. Sizitero. Ndalama yonse imayamba yafika malo amodzi, kukampani yomwe imalandira malipiro m'malo mwa msikawo. Chomwe chimagawidwa nthawi yomweyo ndi manambala chabe. Kompyuta imalemba m'kaundula kuti pa K60,000 iyi, wakuti ali ndi zakuti, wakuti ali ndi zakuti. N'chifukwa chake apu imatha kukuonetsani kuti muli ndi ndalama, koma mukafuna kutapa ikukanizani. Dzina lanu lalembedwa, koma ndalama sinasunthe.

Woyamba kudya ndi kampani yolandira malipiro ija. Pa oda iyi inatenga 3 peresenti ya ndalama yonse, yomwe ndi K1,800. Wachiwiri ndi mwini msika, ndipo komishoni yake sawerengera pa dengu lonse ayi, amawerengera katundu aliyense payekha. Pa msika uwu zovala ndi nsapato ndi 10 peresenti, zakudya 5 peresenti. Choncho pa diresi anatenga K3,000, pa nsapato K2,000, pa uchi K300. Zonse pamodzi K5,300.

Kusiyanitsa komishoni chonchi si zachilendo. Amazon imadula mosiyana malinga ndi mtundu wa katundu, ndipo pa zinthu zambiri imakhala pakati pa 8 ndi 15 peresenti. Etsy, msika wa zinthu zopanga pamanja, kuyambira mu 2022 imatenga 6.5 peresenti, ndipo imawerengera pamodzi ndi ndalama yotumizira katundu yomwe wogulitsa walipiritsa. Ndiye kumva kuti "peresenti yakuti" sikokwanira. Funsani kuti peresenti ya chiyani.

Tsopano funso lomwe linawawa achemwali: K1,800 ija alipire ndani? Pali njira zitatu. Msika ungaimeze wokha, kuichotsa pa komishoni yake. Ungaigawe mofanana kwa onse olandira. Kapena ungaigawe molingana ndi kukula kwa gawo la aliyense. Msika wa achemwali unasankha njira yachitatuyi. Diresi inali theka la K60,000, choncho inasenza theka la K1,800. Ndiyo K900 ija.

Tikawerengera onse, achemwali analandira K26,100. Wansapato anachotsedwa K2,000 ndi K600, natsala ndi K17,400. Wauchi anachotsedwa K300 ndi K180, natsala ndi K5,520. Wanjinga yamoto anachotsedwa K120, natsala ndi K3,880. Mukaphatikiza zinayi izi ndi K5,300 ya msika komanso K1,800 ya kampani ya malipiro, mupeza K60,000 ndendende. Umu ndi momwe mungadziwire ngati kugawa kwayenda bwino: zigawo zonse zikaphatikizidwa zibwerere pa ndalama yomwe wogula analipira, osasowa ngakhale tambala.

Achemwali atamva za njira yachiwiri anati, "Bwanji osangogawa mofanana? Ine ndikanalipira K450 yokha." Zoona, K1,800 kuigawa panayi ndi K450. Koma taganizirani wauchi. Pa malonda a K6,000 akanalipira K450 m'malo mwa K180, kuposa komishoni yake yomwe. Kugawa mofanana kumakomera wogulitsa zodula, n'kupweteka wogulitsa zing'onozing'ono.

Chomwe chinandidabwitsa nditafufuza n'chakuti zimenezi sizichitika mwangozi. Munthu amachita kusankha pokonza apu. Kampani ya Paystack, yomwe inayambira ku Nigeria, ili ndi malo otchedwa `bearer_type` pomwe mwini msika amalemba yemwe asenze chindapusa cha malipiro. Akalemba `all`, onse amagawana mofanana. Akalemba `all-proportional`, aliyense amasenza molingana ndi gawo lake. Liwu limodzi lokha, koma kwa achemwali kusiyana kwake ndi K450 pa oda imodzi.

Nanga bwanji ndalama imachedwa kufika? Apa ndi pomwe panali nkhani yaikulu. Patapita masiku awiri, wogula uja anabweza nsapato, akuti zinamuthina. Ayenera kubwezeredwa K20,000 yathunthu. Koma wansapato gawo lake linali K17,400 yokha. Msika ukabweza komishoni yake ya K2,000, pakutsalabe K600 yomwe inapita kukampani ya malipiro, ndipo makampani ena, monga Stripe, sabweza chindapusa chawo wogula akabwezeredwa ndalama. Wina ayenera kuilipira m'thumba mwake, kaya msika kaya wogulitsa, malinga ndi zomwe anagwirizana.

Ndiye tayerekezani wansapato anali atatapa kale ndalama yake n'kugulira ufa. Msika uyenera kubweza wogula ndi ndalama yake, kenako n'kumulembera wogulitsayo ngongole, yomwe idzadulidwe pa malonda ake otsatira. Akasiya kugulitsa, msika waluza. N'chifukwa chake misika yambiri imasunga kaye ndalama mpaka katundu atafika ndiponso masiku obweza atadutsa. Kwa achemwali, ndalama ya diresi inadikira sabata yathunthu, nsalu ina akuifuna mawa lomwe. Chowatonthoza n'chakuti kubwezedwa kwa nsapato sikunakhudze diresi yawo, poti kaundula amasunga mzere wa aliyense padera.

Pali msampha wina womwe tinaupeza mu sitetimenti ya mwezi wam'mbuyo: kutsitsa mitengo. Msika ukalengeza kuti wogula wachotseredwa 10 peresenti, wina akulipira kuchotserako. Ngati ndi msika, wogulitsa amalandira ngati wagulitsa pa mtengo wonse. Ngati wogulitsa anavomera kulowa nawo mu pulomoshoni, diresi ya K30,000 imasanduka ya K27,000, ndipo komishoni iyenera kukhala K2,700. Mukaona K3,000 pamenepo, dziwani kuti akuwerengerani pa mtengo womwe simunalandire, ndipo muli ndi chifukwa chofunsira.

Madzulo ake ndinapita ku Kawale, tinakhala pakhonde ndi kope lawo la maoda. Tinawerengera chammbuyo. Pa kwacha 100 iliyonse, 13 imachoka, iwo n'kutsala ndi 87. Kuti alandire K30,000 m'manja, mtengo uyenera kukhala K30,000 kugawa ndi 0.87, yomwe ndi pafupifupi K34,500. Iwo ankafuna kungowonjezera 13 peresenti pamwamba, kukhala K33,900, koma pamenepo akanalandira K29,493, poti peresenti imadulidwa pa mtengo watsopanowo.

Anayang'ana nambalayo kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye miyezi yonseyi ulusi ndi zipi ndimagula ndi phindu langa?"

"Eya, achemwali," ndinayankha.

Anatenga foni n'kuyamba kusintha mitengo, diresi imodziimodzi.