Ndalama yatumizidwa, koma mayi abwerako chimanjamanja

Ndalama yochokera ku Joni ikakanika kutengedwa kumudzi, kawirikawiri sikuti yasowa. Imakhala idakali m'manja mwa kampani, ikudikira munthu amene dzina lake likugwirizana ndi lomwe wotumiza analembetsa. Wa pakauntala amayang'ana zinthu ziwiri, nambala ya ndalamayo ndi chiphaso cha wolandira. Ku Western Union nambalayi amaitcha MTCN ndipo imakhala ya manambala 10, pomwe ya MoneyGram imakhala ya manambala 8.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Johannesburg. Watumiza R1,500 ya feteleza, ndipo polembetsa waika dzina la mayi ake lomwe amadziwika nalo m'mudzi, la kubanja, pamene pachiphaso cha unzika pali la kwa makolo awo. Mayi akwera kabaza mpaka paboma, aima pamzere, awabweza. Wa pakauntalayo sanawachite chipongwe, chifukwa saloledwa kupereka ndalama mayina akasiyana. Mayiwo nawo sangakonzetse kanthu ngakhale atadandaula chotani, poti kampani imamvera mwini ndalama, amene ndi wotumiza.

Apa m'pamene pafunika kalata, ndipo isakhale yotukwana kapena yofotokoza mavuto onse a pakhomo. Ikhoza kunena motere: “Wokondedwa Bwana, pa 3 Novembala ndinatumiza R1,500 kwa mayi anga ku Mangochi, nambala yake ndi iyi. Pa 6 Novembala anapita kukatenga koma anawabweza chifukwa dzina lachiwiri ndinalemba losiyana ndi la pachiphaso chawo. Ndikupempha mukonze dzinalo likhale monga lilili pachithunzi cha chiphaso chomwe ndaphatikiza pamodzi ndi lisiti.” Pansi alembe dzina lake lonse ndi nambala ya foni imene analembetsera. Ngati kalatayo ikufunika m'Chingerezi, wothandiza kulemba akhale munthu wodalirika, chifukwa aona nambala ija.

Wolemba asankhe chimodzi, kukonza dzina kapena kubweza ndalama. Ine ndimaona kuti kukonza dzina ndiko kwabwino ngati wolandira alipo ndipo chiphaso ali nacho. Ndalama yobwezedwa imabwerera kwa wotumiza m'marandi, ya katumizidwe ija mwina osabwera nayo, ndipo potumizanso alipiranso, pa mtengo wosinthira wa tsiku limenelo. Kubwezetsa kuli bwino pamene wolandira wamwalira, akudwala moti sangayende, kapena chiphaso chatayika. Zikatero mnyamatayo atumize kwa mlongo wake, kapena molunjika ku Airtel Money kaya Mpamba ngati kampaniyo imalola.

Kampani ikayankha kuti ndalama inatengedwa kale pamene mayi sanalandire kanthu, nkhani yasintha. Alembenso tsiku lomwelo, apemphe tsiku, malo ndi chiphaso chimene chinaonetsedwa potenga, ndipo afunse nambala ya dandaulo lake kuti aziitchula nthawi iliyonse akaimba foni.