Mphindi 45 pa Funso Limodzi: Mmene Ophunzira Zamalamulo Amayankhira Mlandu wa Kontirakiti

Pepala la mayeso a malamulo a makontirakiti likakhala la maola atatu ndipo mafunso oyankha ali anayi, funso lililonse limatenga mphindi 45. Ambiri mwa mafunsowo sauza wophunzira kuti alongosole lamulo. Amam'patsa kankhani kopeka ka anthu amene akanganirana malonda, n'kumuuza kuti alangize mmodzi wa iwo monga loya. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ngati mmene zilili m'mayiko ena otsata malamulo ochokera ku England, mayesowa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo njira imene ophunzira amadalira imatchedwa IRAC. Zilembo zinayizi zikuimira masitepe anayi: kupeza pamene pagona mkangano, kutchula lamulo, kuliika lamulolo pa zimene zachitika, ndi kupereka chigamulo.

Nachi chitsanzo cha funso lotero. Lolemba, a Phiri a ku Lunzu alembera mayi Banda uthenga wa pafoni kuti akugulitsa lole yawo pa K12 miliyoni, ndipo adikira yankho mpaka Lachisanu. Lachiwiri mayi Banda afunsa kuti: "Kodi mungalole kuti ndalamazo ndipereke pawiri?" A Phiri sayankha. Lachitatu agulitsa loleyo kwa munthu wina, ndipo madzulo ake makaniko wa a Phiri auza mayi Banda kuti lole yapita. Lachinayi mayi Banda atumiza uthenga wovomera K12 miliyoni yonse. Funso likuti: langizani mayi Banda.

Wophunzira wodziwa sayamba kulemba nthawi yomweyo. Mphindi zisanu ndi zitatu zoyambirira amawerenga funsolo kawiri, n'kundandalika masiku m'mbali mwa pepala kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, chifukwa pa milandu ya ofa ndi kuvomera chimene chinayamba kuchitika ndicho chimagamula. Akatero amaona kuti nkhaniyi ili ndi mikangano iwiri. Woyamba: kodi uthenga wa Lachiwiri unapha ofa ya a Phiri? Wachiwiri: ngati sunaiphe, kodi ofayo inali itabwezedwa pofika Lachinayi? Mkangano uliwonse umafuna IRAC wakewake. Amene amaunjika malamulo onse patsamba loyamba, n'kudzakumbukira za lole patsamba lachitatu, amasokoneza wochonga.

Mkanganowo umalembedwa m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mayina a anthuwo. Kungoti "funsoli likukhudza ofa ndi kuvomera" sikupindula kanthu, chifukwa sikusonyeza pamene pali vuto.

Pa mkangano woyamba lamulo lili m'milandu iwiri ya ku England, imene makhoti a ku Malawi amaigwiritsabe ntchito popeza dziko lino linalandira malamulo a kumeneko mu 1902. Pa mlandu wa Hyde v Wrench wa mu 1840, Wrench ankagulitsa famu pa mapaundi 1,000, Hyde anati apereka 950, ndipo atakanidwa anafuna kubwerera ku mtengo woyamba uja. Khoti linati panalibe kontirakiti, chifukwa wotchula mtengo wakewake wakana ofa yoyamba. Koma pa mlandu wa Stevenson, Jacques & Co v McLean wa mu 1880, ogula chitsulo anangofunsa pa telegalamu ngati wogulitsa angalole kuti malondawo achitike m'kati mwa miyezi iwiri, ndipo khoti linati kufunsa chabe sikupha ofa. Pamayeso zonsezi zimakwana m'mizere inayi kapena isanu. Wochonga mbiri ya famu ya Wrench amaidziwa kale.

Malikisi ochuluka ali pa sitepe yachitatu, ndipo ndi imene ophunzira amaidumpha nthawi ikawathera. Apa wophunzira amatenga mawu enieni a mayi Banda n'kuwayesa pa milandu iwiri ija. Mayiwo sanatsitse mtengo, K12 miliyoni ili pomwepo. Anayamba ndi "kodi mungalole", amene ndi mawu a munthu wofunsa, osati woika zofuna zake. Choncho uthengawo ukufanana ndi telegalamu ya Stevenson. Yankho labwino limaperekanso mpata ku mbali inayo: loya wa a Phiri anganene kuti kulipira pawiri n'kusintha kalipiridwe, ndiye kuti ndi ofa yatsopano. Wophunzira amasonyeza chifukwa chake mfundoyi ili yofooka, ponena kuti mayi Banda akanalemba kuti "ndigula pokhapokha ndilipire pawiri", mlandu wa Hyde ukanawagwira. Chigamulo chake n'chachidule: zikuoneka kuti ofa inali ikadalipo Lachitatu m'mawa.

Pali njira yophweka yodziwira ngati ndime ya sitepe imeneyi yagwira ntchito. Ngati mulibe dzina la a Phiri, tsiku, kapena mawu a mu uthenga uja, ndiye kuti wophunzira wangobwereza lamulo m'mawu ena.

Mkangano wachiwiri ndi umene umapusitsa ambiri, chifukwa mtima umati a Phiri analonjeza kudikira mpaka Lachisanu. Lamulo siliona choncho. Pa mlandu wa Dickinson v Dodds wa mu 1876, Dodds analonjeza kuti ofa yogulitsa nyumba pa mapaundi 800 ikhalapo mpaka Lachisanu 9 koloko m'mawa, koma anagulitsa kwa wina nthawiyo isanakwane, ndipo Dickinson anazimva kwa munthu wina dzina lake Berry. Khoti la apilo linati lonjezo lodikira silimanga munthu ngati sanalandirepo kanthu, komanso amene wadziwa kuti katundu wapita sangavomerenso ofayo. Mlandu wa Byrne v Van Tienhoven wa mu 1880 ukuwonjezera kuti kubweza ofa kumagwira ntchito pokhapokha uthengawo wafika kwa wolandira.

Poika lamuloli pa nkhani ya lole, wophunzira amaona kuti mayi Banda sanapereke chikole chilichonse, kotero a Phiri anali ndi ufulu wobweza ofa tsiku lililonse. Kugulitsa kwa Lachitatu pakokha sikunali kokwanira. Chofunika n'chakuti mayi Banda anamva. Funso lotsala ndi la makaniko uja: kodi ndi munthu woti mawu ake n'kuwakhulupirira? Popeza amakonza magalimoto a Phiri, munthu woganiza bwino akanam'khulupirira, zimene sizikanakhala choncho akanakhala munthu wongodutsa pamsika. Ndiye kuti uthenga wa Lachinayi unapeza ofa itatha kale.

Kagawidwe ka nthawi kamatsata kulemera kwa mikangano. Mphindi zisanu ndi zitatu zikapita pokonzekera, mkangano woyamba ungatenge 14, wachiwiri 18, ndipo zisanu zotsalazo n'zolembera malangizo omaliza ndi kuwerenganso. Zimene palibe akuzitsutsa, monga kuti uthenga wa Lolemba unali ofa, zimatha m'chiganizo chimodzi. Woiwala chaka cha mlandu amalemba dzina lokha, ndipo woiwala dzina amalemba mfundo ya mlanduwo n'kupitirira. Mphindi 45 zikatha mkangano wina usanathe, aphunzitsi ambiri amalangiza kulemba mfundo zotsalazo m'timizere tachidule n'kupita ku funso lina, chifukwa malikisi oyamba a funso latsopano savuta kupeza kusiyana ndi otsiriza a funso lakale.

Malangizo omaliza amayankha zimene zinafunsidwa popanda kubweretsa lamulo latsopano. Kwa mayi Banda yankho lake n'lakuti funso lawo la Lachiwiri silinaphe ofa, koma ofayo inatha Lachitatu madzulo atamva kwa makaniko. Palibe kontirakiti pakati pa iwo ndi a Phiri, ndipo atakasuma kukhoti kufuna chipukuta misozi mwayi wopambana ungakhale wochepa.