Pofupikitsira agogo pepala la mankhwala, manambala ndi machenjezo asasinthe

M'bokosi la mankhwala ogula ku famase mumakhala kapepala kopyapyala, kopindapinda, kolembedwa m'Chingerezi ndi timalemba tating'ono kwambiri moti ngakhale wa maso abwino amachita kukabweretsa pafupi ndi mphuno. Agogo sangakawerenge, ndipo ntchito imagwera mdzukulu amene anapita kusukulu. Iye amayendetsa maso mothamanga n'kunena kuti, “Agogo, akuti muzimwa mukadya.” Sananame, koma wasiya zinthu zimene tsiku lina zingawagoneketse agogowo m'chipatala. Mdzukulu wina amachita mosiyana: amawerenga zonse mokweza, mpaka za chiwindi ndi khungu, agogo n'kuchita mantha, n'kubisa mapiritsi kunsi kwa mphasa.

Kufupikitsa kwabwino kumachotsa zigawo zimene sizikukhudza wodwalayo, koma zimene zatsala sizifewetsedwa. Tiyeni tione ndi mankhwala amodzi odziwika, metifomini, amene anthu ambiri odwala matenda a shuga amamwa tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze kuti ndi agogo aakazi a zaka 74, ndipo adokotala awalembera piritsi limodzi la 500 mg, kawiri pa tsiku.

Chinthu choyamba chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pepala la m'bokosi silinalembedwere agogo anuwo. Linalembedwera aliyense amene angamwe mankhwalawo, n'chifukwa chake lili ndi milingo ingapo. Mapepala ambiri a metifomini amanena kuti munthu wamkulu amayamba ndi 500 mg kapena 850 mg, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo amatchulanso malire amene munthu sayenera kudutsa, omwe pa mapepala ambiri ndi 3000 mg pa tsiku, yogawidwa katatu. Mukalemba manambala onsewa pa chidule chanu, agogo kapena wowasamalira angaganize kuti shuga ikakwera pali mpata wowonjezera. Mpata umenewo ndi wa adokotala, amene amasintha mlingo ataona zotsatira za magazi. Mlingo wa agogo ndi umene walembedwa m'buku lawo lakuchipatala ndi pa kachikwangwani kamene a ku famase amata pabokosi. Umenewo ndi umene mumakopera, nambala ndi nambala. Ngati za m'buku ndi za pabokosi zikusiyana, musasankhe nokha. Bwererani mukafunse musanalembe kalikonse.

Ndipo polemba mlingo musasiye mphamvu ya piritsi. “Piritsi limodzi kawiri pa tsiku” ndi chiganizo chosakwanira, chifukwa metifomini amapezeka wa 500 mg, wa 850 mg ndi wa 1000 mg. Mwezi wamawa wina akakagula ku famase ina n'kubwera ndi wa 850 mg, agogo n'kupitiriza limodzi m'mawa limodzi madzulo, ndiye kuti achoka pa 1000 mg pa tsiku kufika pa 1700 mg popanda wina kuzindikira. Mapiritsiwo amatha kufanana mtundu, onse oyera. Yang'ananinso ngati pambuyo pa dzina pali zilembo SR kapena XR. Amenewo amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba, ndipo pepala lawo limaletsa kuwatafuna kapena kuwaphwanya. Okalamba ambiri amavutika kumeza, ndipo adzukulu achifundo amaperera piritsi m'phala. Chenjezo limenelo likakhalapo papepala, lisasowe pa chidule.

Pa nthawi yomwera, pepala limanena kuti amwe akudya kapena atangomaliza kudya, ndipo cholinga chake n'kuchepetsa kuvuta kwa m'mimba. Lembani momwemo. Mukangoti “m'mawa ndi madzulo”, agogo amene amadzuka tambala woyamba adzamwa m'mimba mulibe kanthu, adzachita nseru, kenako adzati mankhwalawo sakuwayanja.

Gawo la zovuta zobwera ndi mankhwala ndi limene limafuna kudekha kwambiri. Opanga mankhwala samangozindandalika. Amazigawa potengera kuchuluka kwa anthu amene zimawachitikira, ndipo gulu lililonse lili ndi nambala yake. Zochitika kawirikawiri kwambiri ndi zimene zingagwere anthu oposa mmodzi mwa 10. Kwa metifomini, m'gulu limeneli muli nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, kupweteka kwa m'mimba ndi kusafuna kudya, ndipo pepala limawonjezera kuti zimenezi zimachitika makamaka munthu akangoyamba kumwa. Gulu lotsatira ndi la zimene zingagwere mpaka mmodzi mwa 10, monga kusintha kwa kakomedwe ka chakudya m'kamwa. Kumapeto kuli zosowa kwambiri, zogwera mpaka mmodzi mwa 10,000, ndipo kumeneko n'kumene kuli vuto loopsa la kuchuluka kwa asidi m'magazi. Manambalawa ndi amene amathandiza munthu kusiyanitsa choti ayembekezere ndi choti athamangire nacho kuchipatala. Wofupikitsa akangoti “nthawi zina amatsegula m'mimba, nthawi zina amawononga magazi”, waika zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri pa mzere umodzi.

Koma pali msampha umene wowerenga mothamanga sauona. Kusanza ndi kupweteka kwa m'mimba zimatchulidwa kawiri papepala la metifomini. Zili m'gulu la zovuta wamba, ndipo zilinso pakati pa zizindikiro za asidi wochuluka m'magazi, pamodzi ndi kukokana kwa minofu, kufooka kwambiri, kupuma movutikira, kuzizira kwa thupi ndi kugunda pang'onopang'ono kwa mtima. Mdzukulu wofuna kusunga malo amaona ngati pepala likubwereza, n'kufufuta kwachiwiriko. Zotsatira zake, tsiku limene agogo akusanza, ali lefu, akupuma mobanika, a pakhomo amayang'ana chidule n'kutonthozana kuti ndi zija zinalembedwa kuti zimachitika. Pomwe pepala lenileni limalamula kusiya mankhwala ndi kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Kubwereza kotere n'kwadala, ndipo chidule chiyenera kubwerezanso.

Machenjezo nawo ali ndi mbali ziwiri, chochitika ndi chochita, ndipo anthu amakonda kukopera mbali yoyamba yokha. Pepala limanena kuti munthu akataya madzi ambiri m'thupi chifukwa cha kusanza kwambiri, kutsegula m'mimba, kutentha thupi kapena kumwa madzi ochepa, ayambe waleka metifomini kwa kanthawi ndipo alankhule ndi adokotala. Chifukwa chake ndi impso. Metifomini amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo thupi likauma impso zimagwira ntchito mofooka, mankhwala n'kuunjikana. Impso za okalamba zimakhala zitafooka kale ndi zaka, n'chifukwa chake pepala limati aziyezedwa impso kamodzi pa chaka kapena kuposerapo. Tsono taganizani za nyengo ya dzinja, pamene matenda otsegula m'mimba amafala m'midzi mwathu. Chidule chongoti “samalani mukatsegula m'mimba” sichiuza agogo chochita, ndipo iwo, pokhala omvera malangizo, adzapitiriza kumwa mokhulupirika.

Mawu akuti “musamwe” asasanduke “chepetsani”, ndipo akuti “nthawi yomweyo” asasanduke “mukapeza mpata”. Ife timalemekeza akuluakulu, ndipo kulamula agogo kumalemera pakamwa. Ulemu uikeni m'mawu owaitanira, koma lamulo likhale lamulo. Kukokomeza nakonso n'kusintha. Ngati pepala likuchenjeza za kumwa mowa wambiri, lembani zimenezo, ndipo funso loti kaya chikho chimodzi n'chololedwa mukalifunse kuchipatala.

Pali chenjezo lina limene ndimaona kuti limasiyidwa kwambiri, la mankhwala ena. Pepala limatchula mankhwala opha ululu monga bulufeni, mankhwala okodzetsa ndi ena a kuthamanga kwa magazi, kuti adokotala ayenera kudziwa ngati wodwala akumwa. Ndi agogo angati a shuga amene alibe nyamakazi, amene satuma mwana kukagula bulufeni pa golosale? Apa wofupikitsa ayenera kutsegula kachikwama ka mankhwala ka agogo, n'kuyerekeza zili m'menemo ndi mndandanda wa papepala. Ngati akumwanso insulini kapena mapiritsi ena otsitsa shuga, gawo la kutsika kwambiri kwa shuga, ndi zizindikiro zake monga thukuta, chizungulire ndi kufooka, likuwakhudza ndipo lilembedwe.

Zochotsa zilipo zambiri ndithu: mlingo wa ana, za amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, adiresi ya kampani, maonekedwe a bokosi. Mndandanda wa zosakaniza mungausiye, pokhapokha ngati agogo ali ndi chinthu chimene thupi lawo limadana nacho.

Chidule cha agogo athu ongoyerekezawa chingaoneke motere, cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba limodzi:

“Agogo, awa ndi mankhwala anu a shuga, metifomini wa 500 mg. Muzimwa piritsi limodzi pa chakudya cham'mawa ndi limodzi pa chakudya chamadzulo, mukudya kapena mutangomaliza. Mukaiwala, musamwe awiri. Mudzamwe lotsatira pa nthawi yake. Anthu oposa mmodzi mwa 10 amachita nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, kupweteka m'mimba kapena kusafuna kudya, makamaka poyamba. Zikapitirira, lekani ndipo tikaonane ndi adokotala. Mukasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, mukatentha thupi, kapena mukamalephera kumwa madzi, yambani mwaleka mankhwalawa ndipo tiuze adokotala. Mukamasanza, m'mimba mukupweteka, minofu ikukokana, mwafooka kwambiri, mukupuma movutikira kapena thupi lazizira, lekani ndipo tipite kuchipatala nthawi yomweyo. Zimenezi n'zosowa, mpaka mmodzi mwa 10,000, koma n'zoopsa. Musamwe mowa wambiri. Musamwe bulufeni adokotala asanadziwe. Akafuna kukuchitani opaleshoni kapena kukujambulani atakubayani mankhwala m'mitsempha, auzeni kuti mumamwa metifomini.”

Chitsanzochi musachikopere m'magazini muno. Mapepala a makampani osiyana amasiyana pang'ono, ndipo amasinthidwa zaka zikamapita, choncho gwero lanu likhale pepala la m'bokosi limene lili m'manja mwanu. Pamwamba pa chidule lembani tsiku, ndi dzina la mankhwala monga lalembedwera pabokosi, chilembo ndi chilembo, kuti namwino aliyense alizindikire. Mukamaliza, ikani mapepala awiriwo pamodzi n'kulondola ndi chala nambala iliyonse.

Kenako awerengereni agogo, ndipo musawafunse kuti “mwamva?”, chifukwa adzavomera mwaulemu. Afunseni kuti, “Agogo, mutatsegula m'mimba mawa, mutani ndi mapiritsiwa?” Akayankha kuti amwabe, chiganizo chimenecho sichinamveke, chilembeninso. Kwa agogo osawerenga, jambulani dzuwa ndi mwezi pambali pa mlingo monga zimakhalira pa timapepala ta pulasitiki ta kuchipatala, koma machenjezo awadziwenso munthu amene amagona nawo nyumba imodzi.

Amene amalandira mankhwala kuchipatala cha boma nthawi zambiri salandira pepala la m'bokosi n'komwe. Zikatero musalembe za m'mutu. Pemphani wopereka mankhwala pawindo kuti akuuzeni, inu muzilemba pomwepo. Ndipo chidule chilichonse, chisanamatidwe pakhoma, chionetseni kwa wa ku famase kapena namwino. Pepala loyambirira musataye, lisungeni m'buku lakuchipatala la agogo, ndipo mlingo ukasintha ng'ambani chidule chakale tsiku lomwelo.