Membala anachoka, nambala yake inatsala

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama limalemba mamembala ake pakompyuta. M'detabesi muli tebulo la `mamembala`, munthu aliyense ali ndi mzere wake, ndipo pali lamulo lakuti nambala imodzi ya foni isapezeke pa mizere iwiri. Polemba, lamuloli ndi `UNIQUE`. Mayi wina akusiya umembala, kalaliki akudina batani lofufutira, dzina likusowa pasikirini. Patatha chaka mayiwo akubwera kudzalembetsanso ndi nambala yomwe ija, kompyuta ikukana: nambalayi ilipo kale. Kalaliki akuyang'ana mndandanda wonse, osaipeza.

Nambalayo ilipodi. Mapulogalamu ambiri safufuta mzere kwenikweni, amangouika chizindikiro chakuti wafufutidwa n'kusiya kuuonetsa. Chifukwa chake n'chomveka: mbiri ya ngongole za mayiwo imaloza ku mzere umenewo, komanso kalaliki akafufuta munthu molakwitsa amatha kumubwezeretsa. Vuto n'lakuti chizindikirocho amachidziwa ndi pulogalamu yokha. Lamulo la `UNIQUE` limawerenga mizere yonse, yooneka ndi yobisika yomwe.

Wokonza pulogalamu amayamba waganiza zoti lamulo lizigwira pa zinthu ziwiri pamodzi, nambala ndi chizindikiro chija, 0 kwa membala amene alipo, 1 kwa wochoka. Mayi aja alowadi. Koma akadzachokanso, mzere wawo wachiwiri udzafunika kukhala ndi nambala yomweyo ndi 1, zimene zilipo kale. Tsopano chokanika ndi kufufuta.

Ena amasintha, m'malo mwa 0 ndi 1 n'kumalemba nthawi imene munthu anachotsedwa, m'kolamu ya `deleted_at`. Kwa ochoka zimayenda, popeza nthawi zawo zimasiyana. Kwa amene alipo, kolamuyo imakhala ndi `NULL`, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Apa ndi pamene ine ndimaopa kwambiri. Mu PostgreSQL, MySQL ndi SQLite, lamulo la `UNIQUE` silitenga `NULL` ziwiri ngati zofanana. Choncho mizere iwiri yamoyo ya nambala imodzi imalowa bwinobwino, kompyuta osadandaula. Vuto loyamba lija linkaonekera pomwepo, kalaliki n'kuitana wokonza. Ili limadziwika patapita miyezi, ndalama zolipira ngongole zitalembedwa pa mzere wa munthu wina. PostgreSQL 15, ya mu 2022, inabweretsa `NULLS NOT DISTINCT` yotseka mpata umenewu, koma muyenera kuilemba nokha.

Njira yowongoka ndi kuuza detabesi kuti lamulo likhudze mizere yamoyo yokha:

```sql
CREATE UNIQUE INDEX foni_imodzi
ON mamembala (foni)
WHERE deleted_at IS NULL;
```

Izi zimatheka mu PostgreSQL, SQLite ndi SQL Server. MySQL ilibe indekisi yotere. Kumeneko amawonjezera kolamu yodziwerengera yokha, yokhala ndi nambala ngati membala alipo ndi `NULL` ngati anachoka, lamulo n'kuliika pa kolamu imeneyo. Ngati m'tebulo muli kale nambala zobwereza, indekisi imakana kupangidwa mpaka munthu atakhala pansi n'kuzisanthula imodziimodzi.

Ngakhale zitatero, kubwezeretsa sikuyenda nthawi zonse. Makampani a foni amapereka nambala zosiyidwa kwa anthu ena. Ngati membala watsopano walembetsa ndi nambala yakale ya mayi aja, kubwezeretsa mzere wawo kukanidwa, ndipo n'koyenera kuti kukanidwe. Pamenepo pafunika kalaliki kuwafunsa nambala yawo yatsopano.

Njira ina ndi kusamutsa. Mzere umakoperedwa ku tebulo lina, tinene `mamembala_akale`, n'kufufutidwa kwenikweni m'tebulo loyamba. Ntchito ziwirizi zichitike ngati imodzi, pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT`, kuti magetsi akazima pakati mzere usasowe konseko kapena kupezeka konse kuwiri. `UNIQUE` imakhala momwe inalili, ndipo palibe funso la pulogalamu limene lingaiwale kusefa ochoka. M'tebulo la akale musaikemo lamulolo, chifukwa nambala imodzi idzalowamo kangapo.

Kusamutsa kuli ndi mtengo wake. Mizere ya ngongole imaloza ku membala kudzera pa `FOREIGN KEY`, ndiye detabesi imakana kufufuta membalayo, kapena, ngati panalembedwa `ON DELETE CASCADE`, imafufuta ngongole zake zonse limodzi naye. Pofuna kusamutsa munthu, musamutsenso mbiri yake, ndipo tebulo loyamba likawonjezeredwa kolamu, la akale lisaiwalike.

Kwa bungwe ngati ili, ine ndingasunge chizindikiro ndi indekisi ija, chifukwa mamembala amachoka n'kubwerera, ngongole zawo zikuwalozabe. Ndingasamutse okhawo amene anatseka mabuku awo zaka zingapo zapitazo, pamodzi ndi ngongole zawo zonse zolipiridwa.